Bushi Itenthe Madigiri Angati Kuti Ilowe pa Shafiti?

M'mawekishopu opalira zitsulo, kaya ndi ku Ndirande, ku Kanengo kapena ku Luwinga, muli ntchito ina imene munthu woyiona koyamba amangoti ndi matsenga. Mmisiri amatenga bushi, kamkombero kachitsulo kabowo pakati, n'kuyiyesa pa shafiti. Bushi ija imakana, imangothera pamlomo. Amayiika pamoto kwa kanthawi, n'kuyinyamula ndi mbaniro, ndipo ulendo uno imalowa bwinobwino popanda hamala ngakhale imodzi. Ikazizira imaluma shafiti mwakuti amuna anayi sangayisunthe. Palibe bawuti, palibe guluu, palibe kuwotcherera.

Funso limene limavuta ndi la moto. Mnyamata wophunzira ntchito akafunsa kuti, "Abwana, tiwotche mpaka pati?" yankho limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti, "Mpaka ifiire." Yankholi lawonongetsa mabushi ambiri. Ena poopa kuwononga amangoyifunditsa pang'ono, ndiye imakakamira pakatikati pa njira, osalowa osatuluka. Chonsecho kutentha koyenera kumawerengetseredwa, masamu ake ndi a mzere umodzi, ndipo pa ntchito zambiri yankho limagwera pakati pa madigiri 100 ndi 250, kutali kwambiri ndi pomwe chitsulo chimayambira kufiira.

Bowo lochepa mwadala

Mmisiri akafuna kuti bushi igwire shafiti yokha, amapala bowo lake mochepera pang'ono kuposa kunenepa kwa shafiti. Kusiyana kwa ziwirizi ndiko kuthina kwake, ndipo n'kochepa zedi. Pa shafiti yonenepa mamilimita 60, kuthina koyenera kumakhala pafupifupi mamilimita 0.05. Pepala lolembapo wamba limanenepa pafupifupi mamilimita 0.1, choncho tikunena za theka la kunenepa kwa pepala.

Theka la pepala limeneli ndi limene limagwira ntchito yonse. Bushi ikakhala pa shafiti itazizira imakhala yokokedwa. Imafuna kubwerera pa msinkhu wake, shafiti n'kumakana, ndiye ziwirizi zimafinyana usana ndi usiku. Kufinyana kumeneko ndi kumene kumaletsa bushi kuterereka kapena kuzungulira payokha. Umu ndi momwe mkombero wamano wa sitata umagwirira pa fulayiwilo ya injini zambiri, ndipo amisiri a njanji akhala akuveka mikombero yachitsulo pa mawilo a sitima mwa njira yomweyi kuyambira zaka za m'ma 1800.

Bushi yotere mukhoza kuyikankha ndi pulesi ili yozizira, koma zitsulo ziwirizo zimapalana popita, timizere tosiyidwa ndi mpeni wa makina timafufutika, ndipo kuthina kumachepa. Ikalowa mopendekeka imang'amba shafiti. Kutenthetsa kumapewa zonsezi, chifukwa bowo limayamba lakula, bushi n'kudutsa osakanda kanthu.

Pali anthu ophunzira ndithu amene amakhulupirira kuti chitsulo chikatentha chimafutukukira mbali zonse, kunja ndi m'kati momwe, motero bowo liyenera kuchepa. Sizili choncho. Tiyerekeze kuti m'bowomo mwadzaza chitsulo cha mtundu womwewo. Mukatenthetsa zonse pamodzi, chitsulo cham'katicho chimakula, ndipo mkombero wakunja umakula nacho limodzi popanda kulimbana, poti n'chinthu chimodzi. Mukachotsa cham'katicho, mkombero uja umakulabe chimodzimodzi. Bowo limakula ndi mlingo womwewo umene chitsulo chodzaza m'bowomo chikadakulira, bola bushi yonse itenthe mofanana.

Nambala imodzi yofunika kuloweza

Chitsulo wamba, cha sitilo, chimatalika ndi mamilimita 0.012 pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi ya Selisiyasi. Mabuku ena amalemba 0.011 kapena 0.0115 malingana ndi mtundu wa sitilo, koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku 0.012 imakwanira. Pa milimita imodzi nambalayi imakhala 0.000012. Njira yosavuta yoyikumbukira ndi iyi: bowo la mamilimita 100 likatenthetsedwa ndi madigiri 100 limakula ndi mamilimita 0.12.

Apa pakuoneka kale kuti kukula kwa bowo kumadalira zinthu zitatu: mtundu wa chitsulo, kukula kwa bowolo lisanatenthe, ndi madigiri amene tawonjezera. Tikadziwa kuti tikufuna bowo likule bwanji, timangotembenuza masamu kuti tipeze madigiri. Mainjiniya amalemba motere:

```
ΔT = (δ + c) / (α × d)
T  = T0 + ΔT
```

Zilembozi zisakuopseni. δ ndi kuthina, c ndi mpata wowonjezera kuti bushi idutse momasuka, α ndi nambala ya kufutukuka kwa chitsulo ija, d ndi kukula kwa bowo. ΔT ndi madigiri oyenera kuwonjezera, T0 ndi kutentha kwa shafiti pomwe ili m'wekishopu, ndipo T ndi kutentha kumene bushi iyenera kufika. M'mawu wamba, phatikizani kuthina ndi mpata, kenako gawani ndi mlingo umene bowo limakulira pa digiri imodzi.

Shafiti ya chigayo yadyeka

Titenge ntchito imene imabwera kawirikawiri. Beringi ya chigayo inauma, n'kugwira, ndipo mkombero wake wam'kati unayamba kuzungulira pa shafiti mpaka kudya pamalo pomwe umakhala. Malowo anali a mamilimita 65. Beringi yatsopano ikuwewera, chigayo chikunjenjemera, ndipo shafiti yatsopano ndi yodula. Ena amadzaza podyekapo ndi moto wowotcherera, koma moto umenewo ukhoza kupinda shafiti kapena kusiya ming'alu yobisika. Njira ina ndi kupala malo odyekawo, kuvekapo bushi ya sitilo, n'kuyipalanso kunja kuti ibwerere pa 65.

Mmisiri wapala shafiti, ndipo atayeza ndi maikulomita wapeza mamilimita 60.05. Wasiyanso kona yozungulira patsinde pomwe shafiti ikusinthira kunenepa, chifukwa kona yakuthwa ndi pomwe mng'alu umayambira. Shafiti yochoka pa 65 kufika pa 60 imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zake zopirira kupotoka, choncho sapala mopyola muyeso. Bushi wayipala bowo la 60.00, kutalika kwake mamilimita 50, ndipo kunja wayisiya pa 70 kuti adzamalize pambuyo. Kuthina ndi 60.05 kuchotsa 60.00, zomwe ndi 0.05.

Tsopano mpata. Lamulo limene amisiri ambiri amatsata ndi lakuti mpata wolowetsera ukhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a kunenepa kwa shafiti. Pa mamilimita 60, mpatawo ndi 0.06. Tikaphatikiza 0.05 ndi 0.06 tipeza 0.11, ndipo amenewa ndiwo mamilimita amene bowo liyenera kukula.

Bowo la mamilimita 60 limakula ndi 0.000012 kuchulukitsa ka 60 pa digiri iliyonse, zomwe ndi mamilimita 0.00072. Tikagawa 0.11 ndi 0.00072 tipeza madigiri 153. Awa ndi madigiri owonjezera pa kutentha kwa shafiti, si kutentha kwa bushi ayi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Ngati m'wekishopu muli madigiri 25, bushi iyenera kufika pa 178. Mmisiri wanzeru amangoti 180, ndipo ngati pakati pa moto ndi shafiti pali kamtunda, amakweza mpaka 190 kapena 200 kuti zimene zitayike panjira zisamulowetse m'mavuto.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake ngakhale pang'ono. Shafiti imene yagona padzuwa la mu Okutobala ku Chikwawa ikhoza kutentha kuposa madigiri 50, ndipo bushi iyenera kukwera ndi madigiri 25 enanso kuti ipeze mpata womwewo. N'chifukwa chake shafiti imayenera kudikira pamthunzi, kutali ndi moto wotenthetsera bushi.

Zonsezi zimayima pa kuyeza. Veniya wamba amawerenga mamilimita 0.02, ndipo dzanja likapendeka amaphonya kuposa pamenepo. Pa shafiti yathuyi kuphonya kwa 0.02 kukufanana ndi madigiri 28, komanso n'kutaya magawo awiri mwa magawo asanu a kuthina konse. Ntchito imeneyi imafuna maikulomita. Yezani shafiti malo atatu m'litali, ndipo pamalo aliwonse yezani kawiri mopingasa, kuti muone ngati ili yozungulira bwino komanso ngati sikunenepera mbali imodzi. Powerengetsera gwiritsani ntchito pomwe shafiti yanenepa kwambiri ndi pomwe bowo lachepa kwambiri. Musayeze chitsulo chongochoka pa makina chikadali chofunda, poti nachonso chimakhala chitafutukuka ndipo chikupatsani nambala yabodza.

Amene amagwira ntchito ndi zojambula za mainjiniya amakumana ndi chizindikiro ngati H7/s6. Pa mamilimita 60, chizindikirochi chimalola bowo kukhala pakati pa 60.000 ndi 60.030, shafiti pakati pa 60.053 ndi 60.072. Kuthina kwakukulu kumene kungapezeke ndi 0.072. Ngati mukuveka mabushi angapo osayeza imodziimodzi, werengetserani ndi nambala imeneyi: 0.072 kuphatikiza 0.06, kugawa ndi 0.00072, zikupereka madigiri 183, ndiye kuti bushi ifike pafupifupi pa 210.

Chifukwa chake madzi owira sakwanira

Wina akhoza kufunsa kuti mpata wa 0.06 ndi wa chiyani, popeza bowo likangofanana ndi shafiti liyenera kulowa. Tiyeni tione. Popanda mpata, 0.05 kugawa ndi 0.00072 ndi madigiri 69, ndipo tikawonjezera 25 tipeza 94. Munthu akaona nambala imeneyi amasangalala kuti ntchito yaphweka, angophika bushi m'poto. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97, osati 100. Bushi yotuluka m'madzi amenewo bowo lake limaposa shafiti ndi mamilimita 0.001 kapena 0.002 basi. Papepala ikulowa, koma pa shafiti singapite kutali.

Vuto ndi lakuti bushi simadikira. Yathuyi imalemera magalamu pafupifupi 400, pomwe shafiti ya chigayo imalemera makilogalamu ambirimbiri. Ikangochoka pamoto imayamba kuzizira, ndipo ikakhudza shafiti, kutentha kumathawira m'shafiti mwaliwiro. Zinthu ziwiri zimachitika nthawi imodzi: bowo likunyala, ndipo shafiti pamalo pomwe yakhudzidwa ikufutukuka. Mpata umadyedwa mbali zonse ziwiri.

Choncho mpata wa 0.06 uja kwenikweni ndi nthawi. Ukufanana ndi madigiri 83, ndipo bushi siluma mpaka kusiyana kwa kutentha pakati pa iyo ndi shafiti kutatsika ndi madigiri amenewo. Ndiwo amapatsa mmisiri masekondi ochepa oti anyamule, alunjike, akankhe mpaka patsinde. Bushi yopyapyala imazizira msanga, yayitali imakhala ndi ulendo wautali, ndipo zonsezi zimafuna mpata wochulukirapo. Kumana bushi mpata n'kudzimana nthawi wekha.

Chitsulo china, nambala ina

Masamu sasintha, koma α imasintha. Bulonzi imafutukuka ndi pafupifupi 0.000018 pa digiri, aluminiyamu 0.000023, pomwe chitsulo cha kasiti chili cha m'ma 0.0000105. Pa shafiti yomwe ija, ndi kuthina ndi mpata womwewo, bushi ya bulonzi imangofuna madigiri 102 owonjezera, kufika pa 127. Ya kasiti imafuna 175, kufika pa 200. Wotenthetsa zonse mofanana ndiye kuti ina akuyipsereza, ina akuyimana.

Chitsulo chofutukuka msanga chili ndi msampha wake. Chimalowa mosavuta, komanso chimamasuka mosavuta makina akatentha. Bushi ya aluminiyamu pa shafiti ya sitilo imakula mofulumira kuposa shafiti ndi mamilimita 0.00066 pa digiri iliyonse. Zonse ziwiri zikatentha ndi madigiri 76, kufika cha m'ma 100, kuthina konse kwa 0.05 kumatheratu ndipo bushi imayamba kuzungulira payokha. Bushi ya sitilo pa shafiti ya sitilo ilibe vuto limeneli, chifukwa zimakulira limodzi.

Kukula kwa shafiti nakonso kumanamiza. Maganizo amati kabushi kakang'ono kafuna moto wochepa, koma nthawi zambiri sizitero. Bowo la mamilimita 20 limangokula ndi 0.00024 pa digiri. Kuthina kwa 0.03 ndi mpata wa 0.02 zikufuna madigiri 208 owonjezera, kupitirira pa 230. Tizitsulo ting'onoting'ono ndi timene timafikitsa mmisiri m'malire msanga.

Malire a moto

Ngati madigiri ambiri akupereka mpata waukulu, bwanji osangowotcha mpaka kufiira? Chitsulo chimayamba kuoneka kufiira mumdima chikadutsa madigiri 500, ndipo kuti chioneke kufiira masana chiyenera kukhala cha m'ma 700. Pamenepo m'bowo mumatuluka makoko akuda amene amasokoneza muyeso ndi kukhala pakati pa bushi ndi shafiti. Bushi imafewa, imapindika ikagwidwa ndi mbaniro, ndipo pozizira, ikayamba kufinya shafiti ikadali yofewa, imatanuka osabwereranso. Mapeto ake imagwira mofooka kuposa imene inatenthetsedwa moyenera. Moto wochuluka chotero umalowanso m'shafiti n'kukapsereza masilo ndi girizi wa beringi yapafupi.

Chitsulo chilichonse chili ndi denga lake. Sitilo yofewa, imene sinalimbitsidwe ndi moto, imapirira madigiri 300 popanda kusintha kwenikweni. Bushi yolimbitsidwa ndi nkhani ina. Zambiri zimamalizidwa ku fakitale pa madigiri apakati pa 150 ndi 200, ndipo mukazipititsa pamwamba pa pamenepo zimayamba kutaya kulimba, osabwereranso pozizira. Maberingi ndiwo osalola masewera. Opanga ake amalangiza kuti asapitirire madigiri 120 mpaka 125, ndipo amene ali ndi girizi ndi masilo m'kati asapitirire cha m'ma 80.

Masamu akakupatsani nambala yoposa denga la chitsulo chanu, gawani ntchito pakati pa moto ndi chisanu. Shafiti ikazizira imanyala. Firiji youmitsa nyama imafika madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo shafiti ya mamilimita 60 yochoka pa 25 kufika pamenepo imachepa ndi pafupifupi 0.03. Ameneyu ndi theka la mpata umene timafuna, ndipo amatsitsa kutentha kwa bushi ndi madigiri 40. M'mafakitale akuluakulu amagwiritsa ntchito ayezi wouma wa madigiri 78 pansi pa ziro, kapena nayitirojeni wamadzi wa madigiri 196 pansi pa ziro. Shafiti yochoka m'chisanu imagwira mame nthawi yomweyo, choncho ipukutidwe bushi isanalowe.

Kuthina nakonso kuli ndi malire. Ena amaganiza kuti kuwirikiza kuthina n'kuwirikiza kugwira. Pa bushi yopyapyala ngati yathuyi, kuthina kwa 0.05 kumakoka sitilo yofewa kupitirira theka la mphamvu zimene ingapirire isanatanuke. Mukafika pa 0.10 imatanukiratu, ndipo moto wochuluka umene mwagwiritsa ntchito upita pachabe. Ya kasiti simatanuka n'komwe. Imangolira kuti "thwa" pozizira, mng'alu n'kuyenda kuchokera m'bowo mpaka kunja.

Kutenthetsa, ndi kudziwa kuti yafika

Chofunika kwambiri n'chakuti bushi itenthe yonse mofanana, ndipo apa kuthamanga sikufika. Uvuni yamagetsi ya kukhitchini imafika pa 250, ndipo pa bushi yaing'ono imagwira ntchito bwino kuposa moto wa gasi. Yichereni pa 190, ikani bushi pa kawaya osati pansi penipeni, n'kuyisiya theka la ola kapena kuposerapo kuti kutentha kulowerere. Mawekishopu amene ali ndi ndalama amagula chotenthetsera cha maginito, chimene chimafunditsa mkombero ndi magetsi popanda lawi, n'kudzizimitsa chikafika pomwe mwatchera.

Kuphika m'oyilo kumatenthetsa mofanana bwino, ndipo kumayenera ntchito za madigiri 120 kutsika m'munsi. Pa 180 oyilo amakhala atayandikira pomwe nthunzi yake imagwira moto, ndipo oyilo wakale wa m'injini, amene amakhala wosakanikirana ndi dizilo kapena petulo, amayaka msanga kuposa pamenepo. Pa mbaula, ikani chitsulo chokhuthala chafulati pamwamba pa makala, bushi ikhale pa chitsulocho, muziyitembenuza. Ngati n'moto wa gasi, lawi likhale lofewa, lizizungulira kunja osayima malo amodzi. Kulunjika lawi m'bowo ndi kulakwitsa kodziwika. Chitsulo cham'kati chimafuna kufutukuka, chakunja chikadali chozizira n'kumachiletsa, ndiye bowo silikula monga mwa masamu, ndipo moto ukanyanya limazizira litachepa kapena litapindika.

Nanga mungadziwe bwanji kuti yafika? Choyezera kutentha chokhudza chitsulo ndicho chodalirika. Cholozera patali chija chimanama pa chitsulo chonyezimira, chimawerenga mochepa kwambiri, ndipo wochikhulupirira amangowonjezera moto. Pakani kadontho ka penti wakuda wosawala kapena mwaye pomwe mukulozapo. Aliponso machoko opangidwa kuti azisungunuka pa madigiri olembedwa pa iwo.

Popanda zida zimenezi, chitsulo chimalankhula chokha. Waya wa mtovu wakale wolumikizira mawaya a wailesi, uja wolembedwa 60/40, umasungunuka pakati pa madigiri 183 ndi 190. Mukaukhudzitsa kunja kwa bushi n'kuyamba kusungunuka, ndiye kuti pa ntchito yathu ya chigayo mwafika. Sitilo yopalidwa kumene imasinthanso mtundu. Imayamba chikasu chotuwa ngati udzu wouma cha m'ma 220, imapita kofiirira cha m'ma 255, kenako bii ngati bulu cha m'ma 300. Pa bushi yofuna 180, mtundu uliwonse ukaoneka ndiye kuti mwadutsa kale.

Njira yoposa zonse siyeza kutentha n'komwe. Dulani kandodo kachitsulo, kozungulira kumapeto konse, kotalika mamilimita 60.11, omwe ndi shafiti kuphatikiza mpata. Kandodoko kakhale kozizira. Kakalowa mopingasa m'bowo la bushi yotentha popanda kukakamiza, bushi yakonzeka, kaya α yeniyeni ya chitsulocho ndi 0.000011 kapena 0.000012. Musakasiye m'bowomo, chifukwa nakonso katentha n'kutalika.

Masekondi ochepa aja

Zonse zikonzedwe bushi isanachoke pamoto. Shafiti ikhale yomangidwa molimba, makamaka choimirira kuti kulemera kwa bushi kuthandize. Ipukutidwe, pasakhale tizitsulo totsalira, ndipo mlomo wa shafiti ndi wa bushi ukhale wosongoledwa pang'ono kuti zilondolerane. Magolovesi achikopa ouma akhale m'manja, poti onyowa amawotcha. Paipi yokankhira, yokwanira bwino pa nkhope ya bushi, ikhale pafupi. Ndi bwino kuyeserera kayendedwe konse kamodzi bushi ili yozizira, kuti aliyense adziwe poima.

Ikachoka pamoto, pukutani m'bowo kamodzi ndi nsalu youma ya thonje, lunjikani, n'kukankha ulendo umodzi mpaka patsinde. Osayima panjira kuti muone ngati ikuyenda. Ikafika, pitirizani kuyikanikiza mpaka italuma, chifukwa bushi imanyalanso m'litali. Yathuyi, ya mamilimita 50, imafupika ndi pafupifupi 0.09 pozizira, ndipo ikaluma mbali yakunja choyamba imasiya kampata patsinde. Isiyeni izizire yokha. Kuyithira madzi kumayiziziritsa mbali imodzi n'kuyipinda.

Ikakakamira panjira, hamala si yankho. Kumenya kumangoyipendeketsa ndi kung'amba shafiti. Ngati yangoyamba kugwira, ichotseni nthawi yomweyo. Ngati yaluma, isiyeni zonse zizizire, mangani chokokera, kulungani shafiti ndi nsalu yonyowa, ndipo tenthetsani bushi mwachangu kunja uku mukukoka, kutentha kusanalowe m'shafiti. Zikakanika, bushi imapalidwa kapena kudulidwa, poti ndi yotchipa kuposa shafiti. Musapeputse mphamvu yake: bushi yathu ya magalamu 400 ikazizira imafuna pulesi ya matani pafupifupi atatu kuti isunthe.

Chotsala ndi kunja. Bushi yokokedwa ndi shafiti imanenepa kunja, ndipo yathuyi imawonjezera pafupifupi mamilimita 0.04. Pa malo okhala beringi, 0.04 ndi wokwanira kufinya beringi mpaka kumatentha. N'chifukwa chake mmisiri anayisiya pa 70. Ikazizira kotheratu, shafiti imabwerera pa makina, n'kupalidwa kufika pa 65 malingana ndi muyeso wa beringi. Ntchito yolakwika imadziulula pakapita nthawi. Kafumbi kofiirira ngati dzimbiri kotuluka m'mphepete mwa bushi ndi chizindikiro chakuti ikusuntha pang'onopang'ono. Kamzere ka penti kodutsa pa bushi ndi shafiti pomwe kamaonetsa msanga ngati ziwirizi zayamba kusiyana.

Inu eni chigayo, pampu kapena thalakitala, mukapititsa shafiti kokavekedwa bushi, funsani mafunso atatu: kuthina kwake ndi kungati, mwayeza ndi chiyani, ndipo mutenthetsa mpaka madigiri angati? Mmisiri wodziwa ntchito ayankha ndi manambala, ndipo pa shafiti ya mamilimita 60 nambala yomaliza ikhala pafupi ndi 180. Akakuuzani kuti awotcha mpaka ifiire, nyamulani shafiti yanu mukayese kwina.